Fomula ikafufutika, Excel sakuchenjezani

Tiyerekeze sitolo yogulitsa simenti imene imalemba katundu wake mu Excel. Tsamba lake ndi losavuta. Kolamu A ndi ya tsiku, B ndi matumba amene analipo m'mawa, C ndi amene afika, D ndi amene agulitsidwa, E ndi otsala, ndipo F ndi ndalama. Mtengo wa thumba limodzi uli pawokha m'kabokosi H1. Akalaliki amangolemba mu A, C ndi D basi, kwinako kumawerengetsa kokha chifukwa mwini fayilo anaikamo mafomula awa pa mzere wa 5 ndi wa 6, n'kuwakokera mpaka pansi:

```
E5   =B5+C5-D5
F5   =D5*$H$1
B6   =E5
```

Tsiku loyamba panali matumba 120, sanafike ena, ndipo anagulitsa 35. Kabokosi E5 kanaonetsa 85. Madzulo kalaliki atawerenga mosungiramo katundu anapeza matumba 83. Poganiza kuti akukonza cholakwika, anadina pa E5 n'kulemba 83. Excel sanafunse chilichonse. Fomula inafufutika, m'malo mwake munakhala nambala youma.

Chaonongeka apa si chimodzi. Matumba awiri amene asowa sadzaonekanso paliponse m'buku, chifukwa B6 yatenga 83 ndipo masiku onse otsatira akuyambira pamenepo. Ndiye mawa lake lisiti lina lija likapezeka, n'kusintha D5 kuchoka pa 35 kufika pa 40, ndalama mu F5 zidzasintha koma E5 idzakhalabe 83 pamene imayenera kutsika kufika pa 80. Mwezi ukatha, wina adzakopera tsambali kuti ayambire mwezi watsopano, adzafufuta za mu A, C ndi D, koma 83 uja adzatsalira momwemo. Kalalikiyu sanabe, ndipo sindingamudzudzule kwambiri. Wolakwa ndi amene anampatsa tsamba lotsegula paliponse.

Excel ali ndi njira yoletsera zimenezi, koma anthu ambiri amaiyamba chobwerera. Kabokosi kalikonse pa tsamba latsopano kamabwera kali kale ndi chizindikiro cha Locked. Chizindikirochi pachokha sichiletsa kanthu. Chili ngati loko wopachika pachitseko koma wosamukanikiza: alipo, koma aliyense akulowa ndi kutuluka. Loko amatsekeka pokhapokha mukapita ku Review n'kudina Protect Sheet. N'chifukwa chake munthu amene wangothamangira ku Protect Sheet amapeza kuti tsamba lonse lauma, ngakhale malo olembamo akalaliki. Akatero amakhumudwa, amachotsa chitetezo chonse, n'kunena kuti zinthuzi n'zovuta. Ntchito yeniyeni si kukiya mafomula, pakuti ndi okiyidwa kale. Ntchito ndi kutsegula timabokosi tochepa timene anthu ayenera kulembamo.

Musanakiye kalikonse, yambani mwaona ngati mafomula onse akadalipo, chifukwa kukiya tsamba loonongeka kale ndi kusunga cholakwika. Pitani ku Formulas n'kudina Show Formulas. Tsamba lidzaonetsa mafomula m'malo mwa mayankho. Tsikani ndi kolamu E: paliponse pamene payenera kukhala fomula koma pakuoneka nambala chabe, ngati 83 uja, pamenepo wina analembapo. Koperani fomula ya mzere woyandikana n'kuibwezeretsa. Ngati tsamba ndi lalitali, dinani F5, kenako Special, musankhe Constants. Excel adzasankha timabokosi tonse tolembedwa pamanja, ndipo kalikonse kamene kawala pakati pa kolamu ya mafomula n'kokayikitsa.

Mukatsimikiza, sankhani malo olembamo. M'sitolo yathuyi ndi A5 mpaka A35, ndi C5 mpaka D35, mizere 31 yokwana mwezi wathunthu. Dinani Ctrl+1, pitani pa Protection, chotsani chizindikiro pa Locked, dinani OK. Ndi bwino kupaka timabokosi timeneti mtundu wosawala kwambiri, monga wachikasu, kuti kalaliki watsopano asachite kufunsa polemba. B5, pamene pamalembedwa matumba oyambira mwezi, ndi H1, pamene pali mtengo, zisiyeni zokiya. Zimenezi si mafomula, koma ndi zimene munthu wofuna kudya ndalama angayambe kugwira.

Pali njira ina imene ambiri amaphunzitsana: kusankha tsamba lonse ndi Ctrl+A, kuchotsa Locked paliponse, kenako kugwiritsa ntchito F5, Special ndi Formulas posankha mafomula okha n'kuwakiya. Ndi yachangu, koma ine sindiikonda pa fayilo yogwiritsa ntchito anthu ambiri. Imasiya mitu ya makolamu, mtengo wa mu H1 ndi malo onse opanda kanthu zili zotsegula, ndipo fomula iliyonse imene mudzawonjezere pambuyo pake idzagwera pa kabokosi kotsegula. Kutsegula pang'ono n'kusiya zina zonse zotseka kumateteza ngakhale zimene simunaziganizire.

Tsopano pitani ku Review, dinani Protect Sheet. Pabwera malo olembapo pasiwedi ndi mndandanda wa zinthu zimene mukuloleza anthu kuchita. Ziwiri zoyamba, Select locked cells ndi Select unlocked cells, zimabwera zochonga kale. Mukachotsa choyambacho, kalaliki sangathe ngakhale kudina pa fomula, ndipo batani la Tab limamudumphitsa kuchoka pa kabokosi kachikasu kupita pa kena. Ntchito imafulumira. Komabe ngati pali wina amene amafunika kuona mmene nambala yapezekera, monga wowerengera ndalama, chisiyeni chochonga kuti azitha kuwerenga fomula popanda kuisintha. Format columns mukhoza kuloleza, chifukwa nambala ikakula kuposa kolamu pamaoneka ##### ndipo munthu amafuna kuikulitsa. Insert rows ndi Delete rows musaloleze. Za Sort musadzivutitse nazo: ngakhale muchonge, Excel amakana kusanja mizere imene muli timabokosi tokiya. Sefa ya AutoFilter imagwira, bola muiike pa mitu musanateteze tsamba n'kuchonga Use AutoFilter.

Protect Sheet imateteza tsamba limodzi lokha. Ngati fayilo ili ndi masamba 12 a miyezi ya pachaka, lililonse liyenera kutetezedwa palokha. Komanso siletsa munthu kufufuta tsamba lonse kapena kulisintha dzina. Choletsa zimenezo ndi Protect Workbook, chimene chili pafupi pomwepo pa Review.

Apa ndi pamene ambiri amapumira, kuganiza kuti zatha. Koma patsala khomo limodzi lotsegula, ndipo ndi limene limaononga mafomula okiya bwinobwino. Kalaliki walemba 28 mu D7 pamene amayenera kulemba mu D6. Kuti asalembenso, akudina Ctrl+X pa D7 n'kumata mu D6. Timabokosi tonse tiwiri n'totsegula, choncho Excel akuvomera. Vuto ndi lakuti kabokosi kakasamutsidwa, mafomula onse amene amakadalira amakatsatira kumene kapita, ndipo amene amadalira kabokosi kophimbidwako amasowa pogwira. Zotsatira zake ndi izi:

```
E6   =B6+C6-#REF!
E7   =B7+C7-D6
```

Palibe amene wakhudza kolamu E, koma mafomula awiri asintha, pamodzi ndi anzawo a mu F. Chifukwa B7 imatenga za E6, #REF! idzatsika mpaka kumapeto kwa mwezi. Kukoka kabokosi ndi mausi kumachita zomwezo. Kalaliki akazindikira nthawi yomweyo, Ctrl+Z imabweza zonse. Akasunga fayilo n'kuitseka, sangathe kukonza yekha popeza mafomulawo ndi okiya, ayenera kudikira mwini pasiwedi. Ndipo mwini pasiwediyo akangokonza pamene pakuoneka #REF! n'kuiwala E7, fomula imeneyo idzapitiriza kuchotsera malonda a dzulo pa katundu wa lero mwakachetechete. Pa mndandanda wa Protect Sheet palibe pochonga poletsa Cut. Mankhwala ake ndi lamulo la pakamwa, lolembedwanso pamwamba pa tsamba: ukalemba polakwika, fufuta ndi Delete, lembanso poyenera.

Kukiya sikuyang'ananso zimene zikulembedwa m'malo otsegulawo. Munthu akhoza kulemba "35 matumba" mu D5 ndipo E5 idzaonetsa #VALUE!. Musanateteze tsamba, sankhani C5 mpaka D35, pitani ku Data, dinani Data Validation, musankhe Whole number yoyambira pa 0 kupita m'mwamba, ndipo mulembe uthenga wa Chichewa pa Error Alert, monga "Lembani nambala yokha ya matumba". Dziwani kuti lamuloli limagwira zolemba pa kiyibodi zokha. Zomata kuchokera kwina zimadutsa osafunsidwa.

Nanga bwanji ngati kapitawo ayenera kumasintha mtengo koma akalaliki ayi? Pa Review pali Allow Edit Ranges, pamene mungapatse H1 pasiwedi yakeyake. Kapitawo akadina pamenepo amafunsidwa pasiwedi imeneyo, ndipo safunika kudziwa yotsegulira tsamba lonse. Izinso zimakonzedwa tsamba lisanatetezedwe.

Amene amakonda kusandutsa mizere yawo kukhala Table adziwe kuti Table simakula yokha pa tsamba lotetezedwa. Ndi chifukwa chake m'sitolo muja tinakonzeratu mizere 31 ndi mafomula ake.

Pa Google Sheets zinthu zimayenda mosiyana. Palibe pasiwedi ya tsamba. Mumapita ku Data, Protect sheets and ranges, n'kuteteza tsamba lonse kupatula timabokosi timene mwatchula pa Except certain cells, kenako mumasankha anthu ololedwa malinga ndi maakaunti awo. Kwa ogwira ntchito m'nthambi zosiyanasiyana izi n'zolimba kuposa pasiwedi imodzi imene imayenda m'makutu.

Pasiwedi ya Protect Sheet musaidalire ngati chobisira chinsinsi. A Microsoft eniake amanena kuti chitetezo cha tsamba sichinapangidwire zimenezo, ntchito yake ndi kuletsa anthu kusintha timabokosi tokiya. Munthu wodziwa makompyuta angathe kuchichotsa, ndipo aliyense wotsegula fayilo amaona manambala onse. Ngakhale Hidden, imene ili pansi pa Locked, imangobisa fomula, yankho limaonekabe. Malipiro a antchito kapena mitengo yogulira katundu zisakhale m'fayilo imene akalaliki amalembamo. Ziikeni m'fayilo ina, muitseke ndi Encrypt with Password, imene mumaipeza pa File, Info, Protect Workbook. Pasiwedi imeneyo mukaiwala, a Microsoft sangakubwezereni, choncho ilembeni pabwino ndipo wina wodalirika aidziwe.

Pomaliza, musanapereke fayilo, khalani pampando wa kalaliki. Yesani kulemba pa E5 muone ngati ikukana. Lembani tsiku limodzi lonse pogwiritsa ntchito Tab. Sungani kope loyera pamalo ena. Ndipo nthawi iliyonse mukachotsa chitetezo kuti mukonze china, onani pa Review musanatseke fayilo: ngati batani likuti Protect Sheet, tsamba likadali lotsegula, ndipo liyenera kunena kuti Unprotect Sheet musanalipereke kwa anzanu.