Kalata ya nyakwawa yopempha mapu a malire

Mwezi wa Okutobala ukafika, anthu akayamba kusosa ndi kugalauza, milandu ya malire nayo imachuluka m'mabwalo a mafumu. Wina waloŵerera ndi mizere isanu, wina wadula nkhadze yomwe agogo adabzala m'malire. Mlandu ukakanika pabwalo, nyakwawa imaitana mlembi wake nkulembera bwanamkubwa wa boma kuti: tipatseni mapu a boma, tione malire enieni.

Pempholi ndi lomveka, koma makalata ambiri otere sabweretsa chomwe mfumu idayembekeza. Chifukwa chake nchakuti malo ambiri a mafumu m'Malawi muno sadayezedwepo. Malire a mudzi ndi mudzi amadziŵika ndi mtsinje, chulu, mtengo wa mkuyu kapena manda, ndipo amawasunga ndi akuluakulu m'mitu mwawo. Ntchito yolembetsa malo a mafumu pansi pa lamulo la 2016 idayamba ngati yoyeserera m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo sidafike mudzi uliwonse.

Nthambi yoyeza malo mu Unduna wa Zamalo ili ndi mapu a dziko lonse a muyeso wa 1:50,000. Mapuwa amaonetsa mitsinje, misewu ndi mapiri, koma sangagamule mlandu wa munda. Pa muyesowu, sentimita imodzi papepala ndi mamita 500 pansi. Mzere wa pensulo wonenepa milimita imodzi wokha ukuphimba mamita 50, omwe ndi mizere ya chimanga yoposa 60 ngati yatalikirana masentimita 75. Anthu akukanganirana mizere isanu, ndiye pepala lotere liwauza chiyani?

Pomwe kalata imagwira ntchito kwambiri ndi pamene mudzi wachita malire ndi malo a lizi, monga maesiteti a fodya omwe adachuluka ku Kasungu ndi ku Mchinji m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Malo a lizi amakhala ndi failo yake ku Unduna, ndipo ngati adayezedwa pamakhala pulani yoonetsa kukula kwake, kutalika kwa mbali iliyonse ndi pomwe padazikidwa mabikoni, zikhomo za simenti zija za m'makona.

Tiyerekeze kuti mwini esiteti wamanga mpanda wa waya womwe anthu akuti wameza madimba a mabanja asanu ndi atatu m'mbali mwa dambo. Chigawo chomwe akulimbiranacho ndi mamita 50 m'lifupi, 200 m'litali, kutanthauza hekitala imodzi. Nyakwawa yodziŵa zinthu silemba kuti "tikufuna mapu a mudzi wathu". Imatchula dzina la mudzi, la gulupu, la mfumu yaikulu ndi la boma. Imatchula dzina la esiteti, la mwini wake, ndi nambala ya lizi ngati ikudziŵika, poti kalaliki amafufuza failo ndi zimenezi. Kenako imalongosola malowo ndi zizindikiro zooneka: kuchokera pa mlatho, kutsata dambo chakum'maŵa, kukafika pa chulu chachikulu. Imanenanso chaka chomwe mkangano udayamba, mabwalo omwe adaumva kale ndi zomwe adagamula.

Pempho lenileni likhale paŵiri: kope ya pulani ya liziyo, ndiponso kuti woyeza malo wovomerezeka abwere kudzaonetsa mabikoni mbali zonse ziŵiri zilipo. Lachiŵirili ndiye lofunika koposa. Pulani ili m'manja mwa munthu wosadziŵa kuyeza imangowonjezera mkangano, aliyense akuitembenuza momukomera. Bikoni nayo imazulidwa kapena kusunthidwa usiku, koma woyeza amaitulukira poti kutalika kwa pakati pa iyo ndi inzake sikugwirizananso ndi zolembedwa pa pulani.

Kalatayo idzere kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu, aliyense asaine nkudinda chidindo. Yodumpha mafumuŵa kaŵirikaŵiri imabwezedwa kuti ikayambire komweko. Wokapereka atenge makope aŵiri, imodzi aidinditse tsiku lomwe yalandiridwa nkubwerera nayo kumudzi. Afunsiretu za ndalama zolipira, ndipo chilichonse cholipiridwa chikhale ndi lisiti ya boma.

Yankho likhoza kukhala lakuti liziyo idaperekedwa ndi chojambula chapamanja chabe, osayeza, monga zidachitikira ndi maesiteti ambiri ang'onoang'ono. Zikatero, kapena ngati mkangano uli pakati pa midzi iŵiri yosayezedwa, umboni wa akuluakulu ndiwo umatsogola. Lamulo la 2016 lidakhazikitsa komiti ya zamalo kwa gulupu, momwe mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Lidakhazikitsanso bwalo la milandu ya malo kwa mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira ndi chigamulo chake amakadandaula ku bwalo la paboma, kenako ku bwalo lalikulu la zamalo la dziko lonse.