Kalendala ya golosale imatsata matumba a anthu

Masiku ofiira pa kalendala amapusitsa eni magolosale ambiri. Pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe, ndi tchuthi ndithu, koma wotsitsa mitengo ya zakumwa tsiku limenelo amangodzipweteka. Ndalama zinathera pa Khirisimasi ndi fizi, ndipo m'nkhokwe chimanga chikutha. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale kasitomala amafuna shuga woyeza pa supuni, mafuta a m'titimachubu ndi ufa wa walikimani. Katundu wodula adikire.

Choncho polemba kalendala ya malonda, yambani ndi miyezi imene ndalama zimalowa m'dera lanu. Ku Kasungu kapena ku Dowa zimabwera misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo, ndi pogulitsa soya ndi mtedza. Apo ndi poyalira mapoto, ndowa ndi mabulangete, popeza kuzizira kwa Juni kuli pafupi. M'tauni gwero ndi malipiro a pakutha pa mwezi. Ku Mangochi, wosakonzekera Ramadani ndi Idi waluza, ndipo masiku ake safuna kukopera pa kalendala ya chaka chatha, chifukwa chaka chilichonse amafulumira ndi masiku pafupifupi 11.

Mukatero lembani masiku akuluakulu: Isitala, kutsegulira sukulu mu Sepitembala, Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, mvula yoyamba imene imagulitsa makasu ndi mapepala ofolerera nyumba, kenako Khirisimasi. Lililonse muliwerengere chobwerera m'mbuyo, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito.

Titenge Tsiku la Anakubala. Ana amene amatumiza mphatso kumudzi amagula akangolandira malipiro a Sepitembala, ndiye zitenje zikhale zitapachikidwa kale pofika pa 25 Sepitembala. Izi zikutanthauza kukapikula ku Limbe kapena ku Lilongwe chapakati pa mweziwo. Vuto ndi lakuti nthawi yomweyo mpamba umakhala uli m'makope ndi zolembera. Mpamba umodzi sungasenze zonse ziwiri pokhapokha mutayamba kupatula phindu kuyambira nyengo yokolola.

Nanga mtengo utsike bwanji? Tiyerekeze kuti chitenje mwapikula pa K8,000 ndipo mumagulitsa K10,000. Mukachotsako K1,000, wogula amaona ngati mwangotsitsa pang'ono, koma phindu lanu ladulidwa pakati. Ngati mumagulitsa zitenje 20, tsopano muyenera kugulitsa 40 kuti mupeze zomwe zija. Kodi anthu 40 amenewo alipo pamalo panu? Kawirikawiri banyira amaposa kutsitsa mtengo: kasopo kamodzi kwa wogula chitenje ndi shuga pamodzi, mtengo wa chitenjecho osaukhudza. Kumbukiraninso kuti mtengo ukatsika, anthu amauzolowera, ndipo kuukweza pa 16 Okutobala kumadzetsa mikangano pakauntala.

Tsikulo likadutsa, lembani m'kope zimene zinatha msanga, zimene zinatsala, ndi zimene anthu anafunsa koma munalibe. Zitenje zotsala sizidetsa nkhawa, zidzayenda pa maukwati ndi pa Khirisimasi. Koma mabisiketi ndi zakumwa zotsala pa Chaka Chatsopano zimafika mu Januwale wopanda ogula, tsiku lake lothera mphamvu likuyandikira. Zimenezo muzipikula mochepa, bola kubwererako kawiri.