Njira Imene Chitsulo Chimayenda M'shopu Yowotcherera

Chitsulo chikatsitsidwa m'galimoto pashopu yowotcherera, chimadutsa m'ntchito zodziwika bwino chisanakhale geti, felemu ya chitseko kapena windo. Chimasungidwa, kupimidwa, kudulidwa, kubooledwa kapena kupindidwa, kulumikizidwa, kuwotchereredwa, kusalazidwa ndi chopukusira, kupakidwa penti, kenako n'kutuluka. Pa ntchito zonsezi, kunyamula chitsulo kuchoka pamalo ena kupita pena sikusintha kalikonse pa chitsulocho, ndipo kasitomala salipira kanthu pa kunyamulako. Koma m'mashopu ambiri aang'ono, monga amene ali mbwee m'mbali mwa misewu ya ku Ndirande, nthawi yambiri ya tsiku imathera pomwepo. Chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti makina anaikidwa mongotsata pamene panali malo tsiku limene anagulidwa, kapena pamene panali soketi ya magetsi, osati motsata mmene ntchito imayendera.

Kukula ndi kulemera kwa zitsulo ndi kumene kumalamula kakonzedwe ka shopu. Machubu, zitsulo zangodya ndi zitsulo zobulungira zimagulitsidwa zazitali pafupifupi mamita 6. Chitsulo changodya cha mamilimita 50 mbali zonse ziwiri, chochindikala mamilimita 5, chimalemera pafupifupi makilogalamu 23 chikakhala chathunthu. Puleti yachitsulo ya mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi, yochindikala mamilimita 2, imafika makilogalamu 47. Komabe kulemerako kuli apo, chovuta kwambiri ndi kutalika. Kuti chitsulo cha mamita 6 chitembenuzidwe m'kati mwa nyumba pamafunika bwalo lopanda kanthu la mamita 6, anthu awiri ochigwira, ndiponso onse amene ali pafupi asiye ntchito n'kupatuka. Choncho lamulo loyamba ndi lakuti chitsulo chachitali chisatembenuzidwe ngakhale kamodzi. Chilowe cholunjika, chigone cholunjika, ndipo chifike pamakina odulira chili choloza komweko.

Asanasunthe makina alionse, mwini shopu ayenera kudziwa mtunda umene zitsulo zake zikuyenda panopa. Izi zimangofuna pepala, tepi yopimira ndi pensulo. Ajambule shopu yonse papepala, sentimita imodzi ikuimira theka la mita, ndi kuikapo makomo, zipilala, masoketi ndi makina onse. Kenako asankhe chinthu chimene shopuyo imapanga kawirikawiri, achitsatire kuyambira polowa mpaka potuluka, n'kumalemba mzere paliponse pamene chadutsa. Mizere ikamapingasana, kapena ikamabwerera kumene yachokera, pamenepo ndi pamene mphamvu zikutayika. Mtunda uliwonse auchulukitse ndi chiwerengero cha maulendo, osaiwala ulendo wobwerera chimanjamanja. Malo awiri amene ali ndi maulendo ambiri pakati pawo ndiwo oyenera kuyandikana, ngakhale zitachititsa kuti malo ena atalikirane.

Chitsanzo chake chikhale shopu ya mamita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi, yokhala ndi khomo limodzi lalikulu kumaso, imene yalandira oda ya mawindo 20 okhala ndi zitsulo zotchinga akuba, ndipo ntchitoyo ikufuna zitsulo zazitali 30. Zitsulo zimasungidwa pansi kumbuyo kwenikweni poopa akuba, pamene makina odulira ali pafupi ndi khomo, mamita 10 kuchokera pamenepo. Kupita ndi kubwera maulendo 30 ndi mamita 600, ndipo ulendo uliwonse umafuna anthu awiri. Tebulo lowotchererapo lili mamita 8 kuchokera podulira, kusalaza kumachitikira panja, kupaka penti kumachitikira pakona ya kumbuyo, ndiye windo louma limadutsanso shopu yonse kuti lituluke. Zonse zikaphatikizidwa, oda imodziyi imayendetsa anthu mtunda wa pafupifupi makilomita 2 m'kanyumba kamene munthu angakadutse ndi mapazi khumi ndi asanu.

Shopu yomweyi itha kukonzedwa kuti ntchito iziyenda ngati chilembo cha U. Pakhoma lalitali limodzi, kuyambira pakhomo penipeni, amangepo thandala la zitsulo lotalika mamita 6, lokhala ndi mikono yotulukira kunja motalikirana pafupifupi mita imodzi kuti zitsulo zopyapyala zisapindike. Galimoto ikaima pakhomo, zitsulo zimangolowa molunjika n'kugona pathandalapo. Kutsogolo kwa thandala kukhale timiyendo tokhala ndi mapaipi ogudubuzika pamwamba, tofanana msinkhu ndi pogonera chitsulo pamakina odulira, ndipo makinawo akhale kumapeto kwa thandala, mumzere womwewo. Munthu mmodzi amatsitsa chitsulo pathandala, n'kuchikankha mpaka pamakina osachinyamula. Kuseri kwa makina kutsale mamita 3 olandirira zodulidwa. Zonsezi zimadya mamita 10 kapena 11 a khoma la mamita 12.

Msinkhu wa timiyendo timeneti si nkhani yaing'ono. Tikakhala totsika kapena tokwera kuposa makina, chitsulo chimapendekeka, modulamo simukhala mowongoka, ndipo wowotcherera amataya nthawi kutseka mipata yosayenera kukhalapo. Kumbali yolandirira zodulidwa kukhalenso kachitsulo kotsekera, komangidwa pamuyeso wofunikawo, kuti zidutswa zofanana 80 zidulidwe popanda kupima chilichonse pachokha. Zitsulo zolemera komanso zogwiritsidwa ntchito kawirikawiri zikhale pakati pa mawondo ndi chifuwa, zopepuka zipite pamwamba. Mapuleti aimikidwe chotsamira pamalo awoawo pafupi ndi khomo, chifukwa akasanjikizana pansi, wofunikayo amapezeka ali pansi pa anzake onse.

Pakhoma la kumbuyo ndi pamene njira imakhotera, ndipo pamenepo pakhale choboolera, vayisi ndi chopindira. Apa zitsulo zafupika kale, kotero kukhota sikuvutanso. Kuchoka apo ntchito imabwerera cha kukhomo motsata khoma lachiwiri: tebulo lolumikizirapo ndi kuwotcherera, kenako posalazira. Tebulolo lisagunde kukhoma. Mmisiri azitha kulizungulira mbali zonse, chifukwa n'kwapafupi kuti munthu ayende mozungulira felemu kusiyana ndi kutembenuza felemuyo. Msinkhu wa masentimita 85 mpaka 90 umakwanira anthu ambiri ogwira ntchito choimirira. Kuwotcherera pansi, kumene kwazolowereka kwambiri, kumachititsa kuti chilichonse chizitsitsidwa ndi kutukulidwanso, ndipo simenti yosasalala imatulutsa mafelemu opotoka. Ngati shopu imapanga mawindo a muyeso umodzi mobwerezabwereza, chikombole cha zitsulo zangodya chomangidwa patebulo chimachititsa kuti chidutswa chilichonse chizigwera pamalo pake nthawi imodzi.

Zidutswa zichoke podulira zitasanjidwa kale windo lililonse pakepake, pangolo yamatayala yofanana msinkhu ndi tebulo. Pakati pa shopu patsale njira ya mita imodzi ndi theka yolembedwa ndi penti pansi, ndipo m'njiramo musaikidwe kanthu ngakhale kwa kanthawi. Ndi makonzedwe amenewa, mtunda wa pakati pa thandala ndi makina odulira umatsala mita imodzi, wa podulira kukafika patebulo mamita 3, wa patebulo kukafika posalazira mamita 3, ndipo oda ya mawindo 20 ija imayendetsa anthu mamita osafika 600. Wachiwiri amene ankagwirizira zitsulo zazitali amamasuka kukalumikiza mafelemu.

Pali malo amodzi pamene kufupikitsa njira kuyenera kugonja. Pepala limaonetsa ngati popakira penti payenera kugundana ndi posalazira, poti ntchito ziwirizi zimatsatana. Kuteroko n'kuika moyo pachiswe. Mbaliwali za chopukusira ndi za makina odulira zimauluka patali, ndipo malangizo otetezera moto amene amatsatidwa m'mayiko ambiri amafuna kuti zinthu zoyaka zikhale mamita 11 kuchokera pamene pakuwotchereredwa kapena kudulidwa, apo ayi zitchingidwe. M'shopu ya mamita 12 mtunda wotere supezeka, choncho penti ndi mankhwala osungunulira penti zituluke panja, pakhonde lofoleredwa, khoma la njerwa likhale pakati. Izi zimatetezanso ntchito yeniyeniyo, chifukwa fumbi lachitsulo likatera papenti yaiwisi, windo limatuluka lokhakhala ndipo limayamba dzimbiri msanga. Wosalaza aziloza mbaliwali kukhoma lopanda kanthu. Powotcherera pakhale chotchinga chosayaka kumbali ya njira kuti kuwala kusawononge maso a anzake, koma chisafike pansi kapena kudenga, kuti mpweya uziyenda ndi kuchotsa utsi.

Magetsi atsate makina, makina asatsate magetsi. Kulemba ntchito katswiri wa zamagetsi kuti asamutse soketi n'kotchipa kusiyana ndi kunyamula zitsulo mtunda wowonjezera tsiku ndi tsiku. Makina owotcherera akhale pambali pa tebulo, chingwe chobweza mphamvu chitapanidwa patebulopo kapena pachitsulo chimene chikuwotchereredwa. Zingwe zazitali zoyalidwa pansi zimakola miyendo, zimaima kutsogolo kwa matayala a ngolo, ndipo zikakhala zopyapyala zimatentha n'kufooketsa moto wowotcherera. Jenereta yogwiritsa ntchito magetsi akazima ikhale panja nthawi zonse, kutali ndi penti, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosamveka fungo.

Shopu yokonzedwa bwino imasokonekera pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zake zimaoneka pansi. Choyamba ndi mulu wa zidutswa zotsala pafupi ndi makina odulira. Zidutswazi zimafuna kathandala kawo pomwepo, zitasiyanitsidwa potengera mtundu ndi kutalika, kuti wodula aziyamba wayang'ana pamenepo asanatsitse chitsulo chathunthu. Zofupika kwambiri zipite mumgolo wa zogulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Chachiwiri ndi mulu wa ntchito yosatha pakati pa malo awiri. Wodula amathamanga kuposa wowotcherera, ndipo akadula zitsulo za mawindo onse 20 m'mawa umodzi, zidutswazo zimadzaza njira, zimasakanikirana, ndipo zimasunthidwa kawiri kapena katatu zisanafike patebulo. Kudula za mawindo asanu, kenako kudikira kuti ngolo ibwere yopanda kanthu, kumathetsa vutoli popanda kugula chilichonse. Chachitatu ndi katundu womalizidwa amene mwini wake sanabwere kudzatenga: akasowa malo ake pafupi ndi potulukira, amatsamiritsidwa pathandala la zitsulo n'kulitseka.

Makonzedwe a U amayenera shopu ya khomo limodzi. Pamene pali makomo awiri oyang'anana, mzere wowongoka ndi wabwino koposa, zitsulo kulowera uku, katundu kutulukira uko. Zinthu zikuluzikulu monga geti la mamita 4 kapena miyendo ya thanki ya madzi siziyenera kuyenda konse: zimamangidwa pamalo amodzi osalala pafupi ndi khomo, ndipo makina owotcherera ndi chopukusira ndi zimene zimabwera pangolo kudzazipeza. Makonzedwe alionse atsopano ayambe alembedwa ndi choko pansi. Anthu awiri ayende ndi chitsulo chathunthu cha mamita 6 kuchokera pamene galimoto imaima mpaka pamene padzakhale makina odulira, kenako ayendenso ndi felemu yaikulu koposa imene shopuyo imapanga mpaka kukhonde la penti. Makina amangidwe pansi ndi mabawuti pokhapokha zonse ziwirizi zitadutsa osagunda chipilala, khoma kapena mphuthu ya chitseko.