Chifukwa chake milomo ya munthu wa m'gemu imakanika kutsekeka

Munthu wa m'gemu ya pakompyuta akamalankhula, diso lathu limakhululuka zambiri. Tsitsi likhoza kuuma, malaya kulowa m'phewa, ife n'kumasewerabe. Koma akanena mawu okhala ndi m, b kapena p milomo yake isanagundane, timazindikira nthawi yomweyo, ngakhale sitinaphunzirepo zojambula. Tinazolowera kuyang'ana pakamwa pa anzathu kuyambira tili makanda. N'chifukwa chake ndimaona kuti pantchito yonse yopanga pakamwa polankhula, kutseka milomo ndiye kofunika kusamalitsa, ndipo n'kumene ambiri amapunthwa.

Nkhope ya munthu wa m'gemu ili ngati ukonde wa asodzi woyalidwa pamutu woumba: timfundo masauzande tolumikizana, kalikonse kali ndi malo ake. Wojambula amayamba ndi nkhope yopuma, yosaseka, yosalankhula. Mu pulogalamu ya Blender nkhope imeneyi imatchedwa `Basis`. Kenako amakoka timfundo ta pakamwa mpaka munthuyo aoneke ngati akunena "a", n'kusunga maonekedwewo. Amabwerera ku nkhope yopuma, n'kuumba ena a "u", ena a milomo yotseka. Blender imatcha zimenezi `Shape Keys`, Unity imati `BlendShapes`, pomwe Unreal Engine imati `Morph Target`. Chinthu chake n'chimodzi. Chofunika n'chakuti chiwerengero cha timfundo ndi ndondomeko yake zisasinthe, chifukwa kompyuta imafananiza kamfundo koyamba ndi koyamba, kachiwiri ndi kachiwiri. Ndondomeko ikasokonekera, nkhope imaphulika n'kumera minga.

Maonekedwe alionse ali ndi mlingo wake, kuyambira 0 mpaka 1, ngakhale Unity imawerenga kuyambira 0 mpaka 100. Pa 0 palibe chosintha, pa 1 pakamwa pafika pamene wojambula anapaumbira, pa 0.5 pali pakatikati.

Sikuti liwu lililonse limafuna maonekedwe akeake. Imani pagalasi munene "pa", "ba", "ma" osatulutsa mawu: diso silingasiyanitse. Choncho mawu ofanana poyang'ana amaikidwa m'gulu limodzi. Gulu lodziwika kwambiri ndi la Oculus Lipsync, lomwenso amagwiritsa ntchito mu VRChat, ndipo lili ndi maonekedwe 15. Mwa iwo muli `sil` wa pakamwa pachete, `PP` wa p, b ndi m, `FF` wa f ndi v pomwe mlomo wam'munsi umakhudza mano am'mwamba, ndi asanu a mavawelo: `aa`, `E`, `ih`, `oh`, `ou`. Wopanga gemu yolankhula Chichewa angawapeze omukwanira bwino, poti mavawelo athu ndi asanunso.

Apa ndiye pagona nkhani. Kompyuta siisunga nkhope yathunthu pa maonekedwe alionse. Imasunga mtunda umene kamfundo kalikonse kayenda kuchoka pamalo ake opuma, ndipo maonekedwe awiri akayaka limodzi, imaphatikiza mitundayo.

```
P = Basis + w1*(aa - Basis) + w2*(PP - Basis)
```

Tiyeni titenge munthu wa m'gemu amene akuitana kuti "Bambo". Tinene kuti gemu ikuonetsa zithunzi 30 pa sekondi, ndipo mawuwo atenga theka la sekondi, zithunzi 15. Pachiyambi milomo yatsekera b, pofika chithunzi cha 5 pakamwa payasamira a, kuyambira cha 8 mpaka 10 milomo iyenera kutsekeranso mb, kenako n'kuzungulira pa o. Tinenenso kuti pankhope yopuma milomo yatalikirana mamilimita 2. Wojambula anaumba `aa` woonjezera mpatawo ndi mamilimita 20, ndi `PP` wouchepetsa ndi mamilimita 2. Alionse pawokha amaoneka bwino zedi.

Koma pakamwa sipadumpha kuchoka pa maonekedwe ena kupita pa ena, pangaoneke ngati pakunjenjemera. Pulogalamu imatsitsa `aa` pang'onopang'ono uku ikukweza `PP`. Munthu akalankhula mofulumira, pa chithunzi cha 9 `PP` amakhala wafika pa 1 pomwe `aa` akadali pa 0.4. Werengani: mamilimita 2 a poyamba, kuphatikiza 8 ochokera kwa `aa`, kuchotsapo 2 a `PP`. Patsala mpata wa mamilimita 8. Munthu wanena mb kukamwa kuli yasa, chonsecho `PP` wakwera mpaka pamapeto. Woyamba kumene ntchitoyi amathamangira kukaumbanso `PP` kuti afinye kwambiri, ndiye pa mawu ena amene `aa` palibe, milomo imapyozana, wam'munsi kutulukira mkati mwa wam'mwamba. Vuto silinali pa kaumbidwe koma pa masamu.

Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba ndi lamulo: `PP` akamakwera, mavawelo onse atsike mokakamizidwa, kuti `PP` akafika pa 1 enawo akhale pa 0, ndipo milomo ikhale yotseka kwa zithunzi zosachepera 2. Chithunzi chimodzi chimadutsa diso lisanachigwire. Achiwiri ndi njira imene Apple inatsata pa maonekedwe 52 a ARKit. Kumeneko kuli `jawOpen` wotsitsa nsagwada, ndi `mouthClose` amene amaumbidwa nsagwada ili kale pansi, ntchito yake n'kukumanitsa milomo pamwamba pa nsagwada yotsegukayo. Mukamuyatsa yekha, nkhope imaoneka yopunduka, ndipo si cholakwika. Anapangidwira kuyenda ndi mnzakeyo. Ine njira yachiwiriyi ndimaikonda, chifukwa ndi mmene thupi limachitira: nenani "amama" mwachangu mutagwira chibwano, mumva kuti nsagwada sikwera yonse, milomo ndiyo imathamanga kukakumana.

Nsagwada ilinso ndi vuto lakelake. Yeniyeni imazungulira pa mfundo imene ili pafupi ndi khutu, motero chibwano chimatsika chikubwerera m'mbuyo. Timfundo ta pakompyuta timayenda mzere wowongoka basi. Pa 0 ndi pa 1 zonse zimaoneka bwino, koma pa 0.5 mano am'munsi akhoza kuboola mlomo. Ambiri amathetsa izi poika fupa la nsagwada m'chigoba cha munthuyo kuti lizizungulira litanyamula mano ndi lilime, maonekedwe oumba aja n'kutsala ndi ntchito ya milomo yokha. Mukatero, chotsani kutsika kwa nsagwada mu `aa`, apo ayi pakamwa patseguka kawiri.

Chinanso chimene wojambula waluso amadziwa n'chakuti milomo imatsogola mawu. Nenani "sukulu", kenako "sitolo". Liwu loyamba ndi s m'mawu onse awiri, koma pa "sukulu" milomo yasongoka kale s asanathe, pomwe pa "sitolo" yatambasuka. Ndiye poumba maonekedwe a mawu opangidwa ndi lilime, monga `SS`, `DD` ndi `nn`, musakoke milomo kwambiri. Sunthani lilime ndi mano, milomo muisiyire vawelo yotsatira. Pa "Bambo" wathu uja, `oh` akhoza kuyamba kusongola m'mbali mwa milomo mb asanatseguke, bola asatsitse mlomo wam'munsi nthawi isanakwane. Mofananamo, pakamwa pafike pamalo pake chithunzi chimodzi kapena ziwiri liwu lisanamveke. Pakachedwa, munthuyo amaoneka ngati akutsanzira mawu a wina.

Poyesa ntchito, musayang'ane maonekedwe limodzilimodzi pa mlingo wa 1, pamenepo onse amakongola. Ikani awiriawiri pa 0.5, makamaka `aa` ndi `PP`, `aa` ndi `ou`, komanso `FF` ndi kumwetulira ngati munthu wanu amalankhula akumwetulira. Tembenuzani mutu muuone cham'mbali, poti mano oboola mlomo saoneka kutsogolo. Kenako zimitsani mawu, muyendetse "Bambo" chithunzi ndi chithunzi, muime pa cha 9. Mano kapena mdima wa m'kamwa ukaoneka pakati pa milomo, onani milingo ya mavawelo pa chithunzi chimenecho musanakhudze kaumbidwe ka `PP`.