Kalata ya mkangano wa malo: chotsani mkwiyo, siyani mfundo

Kalata yodandaula za malo sawerenga munthu mmodzi. Lero aiwerenga mnzanu amene mwayambana naye, koma mawa ikhala m'manja mwa anyakwawa, a gulupu kapena bwalo la malo la kwa T/A Jenala. Choncho polemba, ganizirani anthu amene adzaweruze nkhaniyo.

Tiyerekeze kuti mayi wina wogula ndi kugulitsa nandolo pa Chitekesa adagula puloti yoti amangepo sitolo. Atabwerako kokapikula katundu, wapeza kuti mnzake woyandikana naye wakumba maziko kulowa m'malo ake. Usiku womwewo walemba kuti:

"Iwe mbava, aliyense akudziwa kuti umaba malo a anthu. Ufiti wakowo suundiopsa. Ukapanda kuchotsa njerwa zakozo ndidzagumula ndekha, ndipo udzaona."

Kalatayi ili ndi misampha itatu. Mawu akuti "mbava" ampatsa mnzakeyo mpata wodandaula kuti amuipitsira mbiri. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911. Ndipo "udzaona" ndi chiopsezo: chinthu chikangoonongeka pamalopo, apolisi ayambira kwa mayiyu. Akafika kubwalo, nkhani ya malire iyamba yaima, anthu n'kumakambirana za kutukwana.

Kalata yotere igone kaye. Kukacha, tengani pepala lina ndipo pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti: kodi izi ndingazitsimikize ndi pepala, mboni kapena tepi yoyezera? Chimene simungatsimikize, chichotseni. M'malo mwake lembani zinthu zinayi: umboni woti malowo ndi anu, chimene chachitika, chimene mukufuna, ndi chimene mudzachite ngati sayankha. Pamwamba ikani keyala yanu ndi deti. Kalata ya mayi uja ingakhale motere:

"Okondedwa Bambo Uje,

MALIRE A PULOTI YANGA PA CHITEKESA

Ndidagula puloti yoyandikana ndi yanu pa 10 Juni 2021. Ndi ya mamita 15 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, monga zalembedwera m'kalata yogulitsirana imene anyakwawa adadinda. Kope lake ndaphatikiza.

Pa 4 Ogasiti ndidapeza kuti maziko amene mukukumba alowa mamita awiri m'puloti yanga, mbali ya kummawa, kupitirira mzere wa nkhadze umene ndi malire athu.

Ndikupempha kuti muimitse ntchitoyi kufikira tiyeze malowa pamodzi pamaso pa anyakwawa ndi amene adandigulitsa. Mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi.

Ngati sindilandira yankho, nkhaniyi ndikaitula kwa a gulupu, ndipo ikakanika kumeneko, kubwalo la malo la kwa T/A Jenala.

Ine wanu,"

Taonani kuti "iwe" wasanduka "inu", koma mayiyu sanagonje pa chilichonse. "Umaba malo" wasanduka "alowa mamita awiri", chinthu chimene aliyense angakayeze. Chiopsezo chogumula chasanduka njira yovomerezeka. Lamulo la malo a kumudzi la 2016 lidakhazikitsa mabwalo oweruza za malo m'dera la mfumu yayikulu iliyonse, ndipo wosakhutira ndi chigamulo angachite apilo kubwalo la malo la paboma.

Pali kulakwitsa kwinanso: kufewetsa kalata mpaka kutaya mphamvu. Mawu ngati "mwina ndine ndalakwitsa malire" kapena "ngati n'kotheka mundiganizireko" adzawerengedwa ngati kuti inuyo simukudziwa pamene malo anu alekezera. Ulemu ukhale m'katchulidwe ka munthu, osati m'kukayikira mfundo zanu. Komanso musalembe chimene simudzachita. Mukati masiku 14, tsiku la 15 mukhale muli kwa a gulupu.

Dziwaninso kuti kalata yabwino siikonza umboni wofooka. Kuno ku Phalombe malo ambiri ndi a mbumba, amayendera kuchikazi. Ngati adakugulitsani ndi mkamwini popanda chilolezo cha eni mbumba, vuto lanu ndi lalikulu kuposa mamita awiri, ndipo ndi bwino kuonana ndi anyakwawa musanalembe. Ngati zizindikiro za malire zidakokoloka, monga zidachitikira m'madera ena ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, musalembe kuti mnzanu adazizula. Lembani kuti sizikuonekanso, ndipo tchulani mboni zimene zidalipo poyeza.

Mukamaliza, muwerengereni kalatayo munthu amene sali mbali ya mkanganowo. Akatha kukuuzani chimene mukufuna komanso tsiku lomaliza, ndiye kuti yamveka. Jambulitsani makope atatu: lanu, la mnzanuyo ndi la anyakwawa. Pokapereka pitani ndi mboni, ndipo wolandirayo asayine ndi kulemba deti pa kope lanu. Akakana, mboniyo ilembe kuti wakana. Kalata yoyamba ija musaitumize ngakhale pa WhatsApp, chifukwa uthenga wa pafoni nawo umasungika.