Chala Chachikulu pa Bowo la Pulagi

Pa Nchalo, m'mphepete mwa msewu wa M1, pali makaniko wina amene amayesa injini ndi chala. Mlimi akamubweretsera pampu yothirira atayimangirira pa njinga, iye sathamangira kumasula kabuleta. Amayamba wachotsa pulagi, n'kutseka bowo lake ndi chala chachikulu, kenako n'kuuza mnyamata wake kuti akoke chingwe. Injini ikakhala yabwino, mpweya umakankha chalacho n'kutuluka kuti pfu! Ikakhala yotopa, umangochisisita.

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala, pampu ya bambo wina wolima dimba kufupi ndi Shire inangosisita.

"Pulagi ndagula yatsopano dzulo, petulo alimo, koma ikukana," anadandaula bamboyo. Chimanga chake chinali chitayamba ngayaye ndipo chinali chitatha masiku anayi chisanamwe madzi.

"Moto ulipo, bambo," anayankha makanikoyo. "Chasowa ndi mphamvu yopanikiza."

Mawu amenewa amamveka bwino munthu akadziwa zochitika m'kati mwa silinda. Injini za petulo za m'mapampu, m'majenereta ndi m'njinga zambiri za kabaza zimatsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa mu 1876. Pisitoni imayenda maulendo anayi kuti ntchito imodzi ithe. Pa ulendo woyamba imatsika, valavu yolowetsa itatseguka, ndipo imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo kuchokera ku kabuleta. Pa wachiwiri mavalavu onse awiri amatseka, pisitoni n'kukwera ikupanikiza zimene yakoka. Ikatsala pang'ono kufika pamwamba, pulagi imathetheka, petulo n'kuyaka, ndipo mpweya wotenthawo umakankhira pisitoni pansi. Uwu ndi ulendo wachitatu. Pa wachinayi valavu ya ekizozi imatseguka, pisitoni n'kukwera ikuthamangitsa utsi.

Mwa maulendo anayiwo, wobweretsa mphamvu ndi umodzi wokha. Atatu enawo amadyera kwa mnzawoyo, kudzera m'gudumu lolemera limene limapitiriza kuzungulira likangokankhidwa. Kirankishafuti imazungulira kawiri pa maulendo anayiwo, pamene kamushafuti, yomwe imatsegula mavalavu, imazungulira kamodzi. Choncho pampu ikamazungulira maulendo 3,600 pa mphindi, m'silindamo mumaphulika moto ka 30 pa sekondi iliyonse.

Ulendo umene umadyetsa amakaniko a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi wachiwiriwo. Mapampu ambiri a kuno ali ndi injini ya Honda GX160 kapena zina zopangidwa moitsanzira. Pisitoni yake ndi yotambalala mamilimita 68 ndipo imayenda mamilimita 45 okha, koma pa kamtunda kameneko imafinyira mpweya m'kamalo kochepa ka 8 kapena ka 9 poyerekeza ndi pamene unali. Mpweya wofinyidwa chotero umatentha, ndipo ukayaka umakankha mwamphamvu. Ukapeza pothawira, pulagi imathetheka m'mpweya wozizira ndi wochepa, ndipo mwini wake amakoka chingwe mpaka phewa kuwawa.

Pothawira pake ndi patatu: pa maring'i ozungulira pisitoni, pa mavalavu, kapena pa gasiketi ya kumutu kwa injini. Gasiketi ikaphulika imadziulula yokha, chifukwa m'mbali mwa mutuwo mumamveka kutsokomola ndipo mumada. Kuti asiyanitse ziwiri zotsalazo, makaniko wa pa Nchalo uja anathira oyilo wodzaza kasupuni m'bowo la pulagi, n'kubwezerapo chala.

"Koka, iwe!"

Ulendo uno chalacho chinadumpha. Oyilo anali atamata kwa kanthawi mpata wa pakati pa maring'i ndi khoma la silinda. Mavalavu akanakhala ndiwo akudontha, oyiloyo sakanasintha kanthu, chifukwa safika kumeneko. Bamboyo atafunsidwa za utsi, anavomera kuti kwa miyezi iwiri pampuyo inkatulutsa wobiriwira komanso inkamwa oyilo. Pulagi yakale, imene anaitulutsa m'thumba, inali yakuda ndi yonyowa. Amakaniko amaiwerenga pulagi ngati kalata: mwaye wouma umanena kuti petulo wachuluka, kuyera kumanena kuti wachepa ndipo injini ikutentha, pamene kunyowa ndi oyilo kumaloza ku maring'i.

Chimene chinadya maring'iwo chinapezeka atatsegula kabokosi ka sefa ya mpweya. Munalibe kanthu. Siponji yake itatsekeka ndi fumbi, injini inayamba kubanika n'kumatulutsa utsi wakuda, ndipo mwana wa bamboyo anaichotsa kuti ipume bwino. Inapumadi bwino. Koma injini imafuna pafupifupi makilogalamu 15 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo, ndipo mpweya wa m'chilimwe ku Chigwa cha Shire umadza ndi fumbi lake. Fumbilo likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lonolera, lopala maring'i ndi silinda pa ulendo uliwonse.

Nkhani yomweyi imamveka ku Ngabu ndi ku Bangula, kwa amene amakonza njinga za kabaza. "Anyamatawa amasintha oyilo akada ngati phula," amatero ena. Enanso amadandaula za petulo wa m'mabotolo, amene nthawi zina amabwera ndi madzi kapena zinyalala n'kutseka kabuleta. Akabaza nawo ali ndi yankho lawo: njinga ndi ya bwana, ndalama ya tsiku iyenera kukwana, ndiye ya oyilo ichokera kuti? Injini zonsezi zimazizira ndi mphepo, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, oyilo wakale amasungunuka ngati madzi.

Nyengo ya mvula imabweretsa mdani wina. Pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, ndiponso pa anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, katundu wambiri m'maboma awiriwa anamira. Injini yomira siyenera kulizidwa. Mpweya umafinyika, koma madzi safinyika. Pisitoni ikawapeza m'silinda pa ulendo wachiwiri pomwe injini ili pa liwiro, imaima mwadzidzidzi ndipo konirodi imapindika. Izi ndi zimene zimagwera wa kabaza wolimbana ndi madzi a pamsewu mpaka kufika pa sefa. Makaniko wodziwa amachotsa pulagi, n'kuzungulitsa injini kuti ilavule madziwo, n'kukhetsa oyilo amene wasanduka ngati tiyi wamkaka. Pampu ikakhalitsa m'matope, dzimbiri limagwira valavu ili yotseguka, ndipo chingwe chimakokeka mopepuka ngati mulibe kanthu.

Pa pampu ya bambo uja panalibe zopindika. Khoma la silinda linali ndi timizere, koma chikhadabo sichinkakodwamo, choncho makanikoyo anati maring'i atsopano akwanira. Atabwezera zonse, anachuna mpata wa mavalavu injini ili yozizira: mamilimita 0.15 ku valavu yolowetsa ndi 0.20 ku ya ekizozi, imene imatentha kwambiri n'kutalika. Mpatawo ukachepa, valavu sitsekeratu, mpweya umathawa ndipo m'mphepete mwake mumapsa. Ukachuluka, injini imalira kuti tcheke-tcheke. Anathira oyilo woposa pang'ono theka la lita, ndipo pa kukoka kwachiwiri pampu inalira.

Ndalama ya bamboyo inathera pa maring'i, gasiketi ndi oyilo. Ya ntchito analonjeza kudzapereka akagulitsa mondokwa, ndipo ya sefa inasowa. Makanikoyo anadula siponji ya matiresi akale, n'kuinyowetsa ndi oyilo pang'ono, n'kuifinya, n'kuilowetsa m'kabokosi kaja, ngakhale amadziwa kuti siponji yoteroyo imalola fumbi laling'ono kudutsa.

"Imeneyi ikufikitseni pa kukolola basi, bambo. Ndipo mwanayo mukamuuze asaichotsenso."

Bamboyo anamangirira pampu pa kaliyala ndi mphira, n'kukankha njinga yake kulowera ku Shire.