Chikwama cha ku mateniti: mitolo itatu, osati umodzi

Matenda akayamba usiku, palibe amene amakumbukira komwe kuli buku la kusikelo. N'chifukwa chake chikwama chiyenera kukhala chomangidwa kale pakati pakafika miyezi 8. Katunduyo agawidwe patatu, chifukwa m'chipinda chochirira mayi nthawi zambiri amalowa yekha, wom'dikirira n'kutsala panja. Namwino akafunsa chitenje cha mwana, sibwino kuti chipezeke chakulungira mapoto ku chitando.

Mtolo wa mayi uyambe ndi buku la kusikelo, likhale pamwamba penipeni. M'bukumo ndi momwe azamba amaona zotsatira za magazi ndiponso ngati mayi anachitidwapo opaleshoni. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, aike pomwepo. Kenako pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, beseni, sopo, mapadi aakulu, makabudula amkati ndi malaya osavuta poyamwitsa. Zipatala zina zimafunanso lezala latsopano ndi ulusi womangira mchombo, choncho funsani ku sikelo musanagule.

Nkhani yaikulu ili pa zitenje. Ambiri amaganiza kuti ziwiri n'zokwana, koma tawerengani. Chimodzi chimayalidwa papulasitiki ndipo chimanyowa ndi magazi. China n'chopukutira mwana akangobadwa. Chimenechi chikanyowa chimachotsedwa msanga, chifukwa khanda lonyowa limazizidwa mofulumira, ndiye pamafunika chachitatu chouma chofunditsa mwana ali pachifuwa cha mayi wake. Mayi naye afuna chovala akasamba, ndi china chosinthira. Apa zakwana kale zisanu, tsiku loyamba lisanathe. Tengani 6 kapena kuposerapo. Ndipo zikhale zochapa, zofewa. Chitenje chongochoka kumene kusitolo n'chouma gwa, sichimwa madzi, chimangotsetsereka pathupi pa mwana. Chatsopano chokongolacho chisungireni tsiku lotuluka.

Mtolo wa mwana ndi waung'ono: chipewa, masokosi, matewera, tizovala tiwiri kapena titatu ndi kabulangete. Chipewa musachipeputse ngakhale mu Okutobala, pakuti mwana amataya kutentha kwambiri kudzera kumutu. Botolo la mkaka ndi paudala zisiyeni, bere ndi lokwanira.

Wodikirira, kaya ndi apongozi, achemwali kapena bambo a mwana, atenge mkeka, chofunda, ndowa, mapoto, mbale, ufa, ndiwo zouma, shuga, makala kapena nkhuni. Tochi ndi yofunika magetsi akazima, foni ikhale ndi moto komanso mayunitsi. Ndalama ya ulendo imangidwe payokha, isakhudzidwe pogula ndiwo, chifukwa mayi angathe kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha m'boma mwadzidzidzi.

Chinthu chimodzi ndikupempha chisalowe mu mtolo uliwonse: mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo. Amalimbitsa kupweteka mopitirira muyeso, chiberekero chingathe kung'ambika ndipo mwana amabanika. Ngati mayi wamwa kale, wodikirira auze namwino pofika pomwepo, osabisa.